Dzina la fayilo ya CV ndi mutu wa imelo, zomwe ndinaona ndili mbali yolandira

Ine ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki pa loji ina ku Senga Bay, ndipo imodzi mwa ntchito zanga inali kutsegula imelo ya ofesi m'mawa ulionse. Nthawi ina bwana anatulutsa mipata iwiri ya ntchito nthawi imodzi, wina wosunga katundu ku sitolo wina wothandiza akauntanti, nde pa adiveti paja analemba momveka bwino kuti wofunsira alembe dzina la ntchito yomwe akufuna pa mutu wa imelo, kutanthauza kamzere kaja kolembedwa Subject. Maimelo anabwera osati masewera, ena ochokera ku Lilongwe, ku Dwangwa, ku Chipoka, mpaka ku Mzuzu. Bwana anandiuza mwachidule kuti, "Iwe, undipatulire a ntchito iyi kwaokha a inayi kwaokha, ma CV onse uike mu foda, ine ndizayang'ana Loweruka ndili kunyumba." Ndikufotokozerani m'mene ndinachitira chifukwa mukadziwa zomwe zimachitika mbali inayo simufunikanso kuloweza malamulo, muziona nokha chochita.

Choyamba sindinatsegule imelo imodzi imodzi ayi. Netiweki ya kunyanja mukuidziwa, komanso alendo anali akundidikira pa kauntala. Ndinapita pa bokosi losakira la Gmail lija n'kulemba chonchi:

```
subject:"Stores Clerk"
```

Zomwe zinatuluka ndinaziika chizindikiro chawo, kenako ndinapanganso chimodzimodzi ndi ntchito inayo. Kusaka kotereku kumangoyang'ana mawu omwe ali pa mutu basi, ndipo ukaika mawu m'timakoma tiwiri tija kumafuna mawuwo enieni m'mene alembedwera. Nde amene analemba `Storekeeper` sanatuluke, amene analemba `Store man` sanatuluke, ngakhale amene analumikiza kuti `Storesclerk` naye sanatuluke. Anthu amenewa sanalakwitse kwenikweni, ntchito yake ndi yomweyo, koma makina sadziwa zimenezo. Anatsala mu gulu lachitatu limodzi ndi a `Application`, a `Job`, a `My CV`, a `Hello sir` ndi aja osalemba kalikonse omwe Gmail imangowaonetsa kuti `(no subject)`.

Gulu lachitatulo ndinalitsegula ndithu, koma tsiku lina madzulo ntchito zina zitachepa, ndipo nthawi imeneyo bwana anali atayamba kale kusankha anthu m'mafoda awiri aja. Munthu akapeza kale anthu angapo omwe wawakonda, obwera mochedwawo amangowayang'ana ndi diso limodzi. Komanso ku maofesi ena akuluakulu amaika kuti maimelo azidzilowera okha mu foda molingana ndi mawu a pa mutu, kopanda kalaliki wokoma mtima wobwerera kukatolera otsala. Ndiye adiveti ikanena kuti mulembe mawu akutiakuti pa mutu, kapena ikapereka nambala ya ntchito, koperani m'mene zililimo, chilembo ndi chilembo, olo mukuona ngati Chingerezi chawo chapindika. Apa si pokonzera bwana sipelo.

Tsopano ngati sananene chilichonse za mutu, mulembe bwanji? Tiyerekeze dzina lanu ndi Chisomo Banda ndipo mukufuna ya ku sitolo ija. Ine ndimakonda chonchi:

```
Stores Clerk application - Chisomo Banda
```

Ikakhala ndi nambala, nambalayo ibwere pambuyo pa dzina la ntchito, mwachitsanzo:

```
Stores Clerk (Ref SC/02) - Chisomo Banda
```

Dzina la ntchito likhale koyambirira, ndipo chifukwa chake ndi foni. Mabwana ambiri amayamba kuona maimelo pa foni, ndipo pa sikirini ya foni mutu sumaoneka wonse, zimaoneka zilembo za pakati pa 30 ndi 40 kutengera foni yake, kwinako kumadulidwa n'kungotsala timadontho. Tawerengani nokha mawu aja ambiri timayambira akuti `Application for the post of`, pamodzi ndi mipata yake akukwana zilembo 27 musanatchule n'komwe ntchito. Ena amawonjezeranso `vacant` ndi `as advertised`, nde bwana akamatsika ndi chala amangoona mizere yofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, yonse yoduka pomwe pamayenera kuyamba nkhani.

Dzina lanu pa mutu ndi lofunika pa chifukwa china chomwe ambiri sachiganizira. Pa mndandanda wa maimelo, pambali pa mutu pamaoneka dzina la mwini adiresi, ndipo nthawi zambiri dzinalo si la wofunsira ntchitoyo. Wina watumiza ndi imelo ya mlamu wake, wina ya mnyamata wa pa kafe ya pa Kamuzu Road, wina anatsegula imelo yake ali ku sekondale n'kudzitcha dzina la pa bwalo la mpira lomwe mpaka pano likumutsatira. Munthu akaimba foni ku ofesi kufunsa ngati kalata yake inafika, ine ndimasaka dzina lomwe wandiuzalo, ndipo ngati dzinalo silili pa adiresi, silili pa mutu, mkati mwa imelo simunalembedwenso kanthu, ndimuyankha kuti chani? Bola mukonzenso dzina la pa adiresilo, koma olo musanakonze, la pa mutu limakupulumutsani.

Pali timawu tiwiri tomwe ndinkationa pafupipafupi koyambirira kwa mitu. Kena ndi `RE:`, komwe kanachokera ku makalata a pa pepala m'mene anatiphunzitsira kusukulu, mutu wa zilembo zazikulu wodulidwa mzere kunsi. Pa pepala palibe vuto. Pa imelo `Re:` imaikidwa yokha munthu akamayankha imelo ina, nde ine ndikaona kameneko ndimayesa ndi nkhani yakale yomwe tikukambirana kale ndi winawake, mwina wotigulitsa nsomba kapena mlendo wofuna chipinda. Zilembo zazikulu zokhazokha nazonso zimadya malo ambiri pa sikirini, mutu umaduka msanga. Kachiwiri ndi `Fwd:`, ndipo aka ndi koopsa kuposa koyamba. Munthu safuna kuvutika kuikanso mafayilo, nde amatenga imelo yomwe anatumiza kwina mwezi watha n'kungoifowada kwa ife. Imafika ndi mutu wakale womwewo, ntchito yake ina, ndipo ukatsika pansi umaona adiresi ya kampani yomwe anayamba kutumizako, deti lake, pena ndi mndandanda wa malo atatu anayi omwe inadutsa. Aliyense amadziwa kuti munthu wosaka ntchito amaponya mbali zambiri, si tchimo, koma kalata yopita ku loji yolembedwa pamwamba kuti ndi ya ntchito ya ku banki imangokhala ngati yasochera. Yambani imelo yatsopano nthawi iliyonse.

Tibwere ku mafayilo, komwe ndi kumene ine mutu unandiwawa. Paja bwana anati ndiike ma CV mu foda. Izi zikutanthauza kuti fayilo imasiyana ndi imelo yake. Ikangodawunilodedwa, imelo ija imatsala uko ndi mutu wake wokongola, dzina la wotumiza, nambala ya foni yomwe munalemba pansi, zonse. Chomwe chimalowa mu foda n'kupita pa fulashi mpaka pa laputopu ya bwana ndi fayilo yokha ndi dzina lake. Zili ngati matumba a mpunga pa chigayo ku Lifuwu nthawi yokolola, mwini thumba akachokapo chomwe chimalankhula ndi dzina lomwe analemba pa thumbapo.

Foda yanga inkaoneka motere, ndipo sindikukokomeza:

```
CV.pdf
CV (1).pdf
CV (2).pdf
my cv new.docx
Document1.docx
IMG-20240312-WA0004.jpg
cv final final edited.pdf
```

Timanambala ta m'mabulaketi tija si wofunsira amaika, ndi kompyuta. Ukadawuniloda fayilo ya dzina lofanana ndi ina yomwe ilipo kale, imangowonjezera (1), (2), (3) kuti zisafufutane. Ndiye anthu onse omwe anatcha fayilo yawo `CV.pdf` anasanduka manambala motsatira m'mene ndinkawatsitsira. Ya `IMG` yokhala ndi `WA` pakati ndi chithunzi chomwe chinadutsa pa WhatsApp, ndipo `Document1` ndi dzina lomwe Word imayamba nalo munthu asanapereke lake. Maapu ojambulira mapepala pa foni nawo amangopereka dzina la apuyo ndi deti ndi ola.

Mwina mukuti vuto lili pati, si angotsegula n'kuona dzina mkatimo? Ee amatsegula, koma tamvani m'mene zinayendera ndi mayi wina. Lolemba m'mawa bwana anabwera n'kundiuza kuti pali mayi yemwe anagwirapo ku sitolo ya esiteti ina ku Nkhotakota, amufuna pa intavyu, ndimupezere masetifiketi ake ndi nambala ya foni. Dzina sanalisunge, anangokumbukira za esitetiyo. Ndinayamba kutsegula `CV (1)`, `CV (2)` mpaka ndinamupeza chapakati. Nambala ya pa CV inali yakale, siimapezeka. Masetifiketi ake anali mu foda momwemo koma ndi mayina a `IMG` osakanikirana ndi a anthu ena ambirimbiri, ndipo iye pa MSCE anali ndi dzina la kwa makolo pomwe pa CV analemba la kwa amuna ake. Ndinabwerera ku imelo kukasaka dzina la pa CV lija, osapezeka, chifukwa anatumiza ndi adiresi ya mwana wake, mutu unali `Application` basi ndipo mkati munalibe mawu. Ndinachita kutsegula maimelo a gulu lachitatu lija imodzi imodzi kufanizira fayilo, ndipo pomwe ndimamupeza nkuti nthawi ya nkhomaliro itakwana. Anaitanidwa ndithu, koma chifukwa choti bwana anamukonda kwambiri ndipo ine tsiku limenelo kunalibe alendo ambiri. Pakanakhala anthu awiri ofanana mphamvu, wina wopezeka pa mphindi imodzi wina wofuna m'mawa wonse, inu mukuona ngati akanaimbira uti?

Mayi yemweyo akanangotcha mafayilo ake mwa mtundu uwu, zonsezi sizikanachitika, tigwiritsenso dzina lathu longoyerekeza lija:

```
Chisomo_Banda_CV.pdf
Chisomo_Banda_Cover_Letter.pdf
Chisomo_Banda_Certificates.pdf
```

Dzina la munthu liyambe, mtundu wa pepala utsatire. Foda imasanja mafayilo motsata alifabeti, nde onse oyamba ndi dzina lanu amakhala pamodzi motsatizana, bwana akatsegula CV kalata ili pompo, masetifiketi ali pompo. Mukayamba ndi `CV_` ndiye CV yanu ipita kwa ma CV anzake, kalata ipita kwina, masetifiketi kwinanso. Dzinalo lilembedwe chimodzimodzi pa mafayilo onse, osati apa Chisomo Banda apo C. Banda apo Banda Chisomo, ndipo likhale lomwe lili pamwamba pa CV ndi pa mutu wa imelo. Ngati masetifiketi ali ndi dzina lina, ngati mayi uja, nenani mu imelo ndi mu kalata momwe. Ndipo poti a Banda ndi a Phiri kuno tilipo ambiri, wokhala ndi dzina lapakati aliike, zimathandiza. Mukafuna muthanso kuwonjezera dzina la ntchito kumapeto, ngati `Chisomo_Banda_CV_Stores_Clerk.pdf`, makamaka pomwe atulutsa mipata ingapo nthawi imodzi, koma mukatero muzikumbukira kusintha potumiza kwina.

Za kamzere ka pansi kaja kapena ka pakati, musavutike nazo mtima, kalikonse n'kabwino, olo mipata wamba pa imelo imayenda. Ine ndinazolowera ka pansi chifukwa mawebusayiti ena ofunsirapo ntchito amasokoneza mipata. Zoti mupewe ndi zizindikiro izi, chifukwa Windows siizilola pa dzina la fayilo:

```
\ / : * ? " < > |
```

Anthu amagwa nazo akafuna kuika deti ngati 12/03/2024 kapena nambala ya ntchito yokhala ndi kamzere kopendekeka. Pa mutu wa imelo kamzereko kalibe vuto, pa dzina la fayilo ayi. Detilo kunena zoona silifunikanso. Fayilo yolembedwa `CV 2021` ikafika mu 2024 imangoulula kuti simunaigwire zaka zitatu, olo mutakhala kuti mkatimo munakonza dzulo. Chimodzimodzi `new`, `final`, `edited`, `latest`, amenewo ndi mawu okuthandizani inuyo pa foni yanu, sungani kope lanu ndi dzina lililonse lomwe mukufuna koma lotumiza likhale loyera.

Amene mumakalembetsa CV ku kafe kapena ku mashopu otayipa ndi kupirinta a pa boma, apa tcherani khutu. Anyamata aja salemba kuyambira pachiyambi, amatsegula CV ya kasitomala wina n'kufufuta zake kuikamo zanu, ntchito imafulumira. Nde akaiwala kusintha dzina la fayilo mumatenga CV yanu yokhala ndi dzina la munthu wina kunja kwake. Ndinalandirapo yotere, kunja dzina la bambo mkati dzina la mtsikana, ndipo bwana atangoiona anafunsa kuti kodi zamkatimu n'zoonadi kapena nazonso n'zobwereka. Musanachoke pa shopupo muuzeni akusevereni ndi dzina lanu inu mukuona, ndipo akupatseni ziwiri, ya Word yoti muzizakonza mtsogolo ndi ya PDF yotumiza.

Kusintha dzina nokha si nkhani yovuta. Pa kompyuta ya Windows dinani fayiloyo kamodzi kenako F2, lembani dzina, Enter. Pa foni ya Android lowani mu apu ya mafayilo, ena imalembedwa Files ena File Manager ena My Files, pezani fayiloyo, dinani timadontho titatu kapena igwireni kanthawi, musankhe Rename. Chitani izi musanaiike pa imelo, chifukwa ikangokwera pa imelo dzina silisinthikanso pokhapokha muichotse n'kuikanso. Posintha musakhudze kachidutswa ka kumapeto, `.pdf` kapena `.docx`, ndi kamene kamauza kompyuta kuti itsegule ndi chani. Foni zina zimakulolani kufufuta dzina lonse ndi kameneko komwe, nde fayilo imafika kwa ife ngati kapepala koyera kosatseguka. Ndipo chonde kusintha `.docx` kulemba `.pdf` sikusandutsa fayilo kukhala PDF, kumangoinamiza, mbali inayo imakana kutseguka n'kunena kuti yawonongeka. PDF yeniyeni imapangidwa mu Word momwemo, Save As kenako kusankha PDF. Pa Windows nthawi zambiri kachidutswaka kamabisika, nde mukalembanso nokha mumatha kutulutsa `Chisomo_Banda_CV.pdf.pdf`, imatseguka koma siioneka bwino.

PDF ndiye yabwino ngati sananene china, chifukwa imaoneka chimodzimodzi pa foni ndi pa kompyuta. Koma adiveti ikati tumizani Word, tumizani Word, ndipo ikati zonse zikhale mu fayilo imodzi, phatikizani kalata, CV ndi masetifiketi n'kuitcha `Chisomo_Banda_Application.pdf`. Ikanena m'mene fayilo itchulidwire, zanga zonsezi zisiyeni mutsate zawo.

Nanga pomwe palibe adiveti, mwangomva kuti loji yakuti imalemba anthu nyengo ya tchuthi ikayandikira? Apa palibe mawu oti wina asake, nde mutu ugwire ntchito yonena chomwe inu mumatha. `Looking for any job` siithandiza, chifukwa kalaliki sadziwa kuti aipereke kwa ndani, kukhitchini, ku akaunti kapena kwa oyang'anira magalimoto. Wina analemba mwa mtundu uwu ndipo ndinaipititsa kwa woyenera tsiku lomwelo:

```
Driver, C1 licence, based in Salima - Chisomo Banda
```

Mawu oti muli konkuno ali ndi phindu ku malo ngati kwathu kuno, chifukwa bwana amadziwa kuti sipakhala nkhani ya nyumba kapena thiransipoti yochokera ku Lilongwe. Ngati wina wa pamalopo ndi amene wakuuzani kuti mutumize ndipo wavomera kutchulidwa, dzina lake liikeni mu mzere woyamba wa imelo. Mawu ngati `URGENT` kapena `Please help me` asiyeni, ine ndikawaona ndinkayamba kukayika ngati si maimelo aja a akuba.

Musanatumize kwa eni ake, dzitumizireni kaye nokha kapena kwa m'bale wanu, n'kuitsegula pa foni ina. Yang'anani ngati dzina la ntchito likuoneka pa mndandanda musanatsegule, kenako dawunilodani fayiloyo muone dzina lomwe yafika nalo komanso ngati ikutseguka. Bandulo yake ndi yochepa kwambiri. Zikakhala bwino yambani imelo ina yatsopano yopita ku kampaniyo, musafowade yoyeserayo, apo ayi `Fwd:` uja abweranso. Ndipo mukazindikira mutatumiza kale kuti mutu unalakwika kapena fayilo sinakwere, musadine Reply pa imelo yomweyo, chifukwa Reply imasunga mutu wolakwika womwewo ndipo siitenga mafayilo a imelo yoyamba. Tumizani yatsopano yathunthu, mutu wolondola, mafayilo onse, ndi mzere umodzi wonena kuti iyi ikulowa m'malo mwa yoyamba ija, tsiku lotsekera lisanadutse.